Mawu a pa positala ya kusikelo asamabweze mayi pageti

Ndine mzamba, wa kuchipatala osati wa kumudzi, ndipo zaka zambiri ndazithera pa sikelo ya amayi oyembekezera muno mu Blantyre. Ntchito ina imene imatigwera ife manesi popanda kuiphunzira bwinobwino kusukulu ndi yopeka timawu ta pa positala, pa tisheti, kapena toyambira nyimbo ya m'mawa ija amayi asanayambe kukwera sikelo. Anthu amaona ngati n'zophweka, koma ine ndinaonapo mawu anayi okha akumubweza munthu kunyumba.

Pachipatala china chimene ndinkagwira tinamata pepala lalikulu pakhoma loyang'anizana ndi mabenchi, lolembedwa ndi maka yofiira: "Kuchedwa kusikelo n'kudzikumbira manda." Amene analemba ndine, ndipo ndinkanyadira kuti ndamenya penipeni. Tsiku lina kunabwera mayi wogulitsa tomato, mimba yachitatu, miyezi 7, buku lake la kuchipatala lopanda cholemba chilichonse cha mimba imeneyi. Ndisanamufunse n'komwe kanthu anayamba ndi iye, chamunsimunsi, "Anesi, poti ine ndachedwa kale, chilipo chimene mungachite?" Pocheza ndi pomwe anaulula kuti anabwerapo masabata awiri apitawo, anakhala pabenchi, anawerenga pepala langa lija, anayang'ana azimayi anzake a timimba tating'onoting'ono, kenako ananyamuka ngati akupita kutoileti n'kutulukira pageti. Chamubweretsanso ndi chizungulire. Titamuyeza tinapeza magazi ochepa, chinthu choti mapiritsi owonjezera magazi tikanamuyambitsa masabata awiri aja.

Chimene sindinaganize polemba ndi chakuti positala ya pakhoma la chipatala amaiwerenga ndi munthu amene wabwera. Amene anabwera msanga siimukhudza. Amene wachedwa ndi amene imamulasa, ndipo imamuuza kuti zako zinada kale, pomwe si zoona, pa miyezi 7 pali zambiri zoti tichite.

Nde vuto la mawu oopseza si loti ndi amwano chabe ayi. Amayankha funso limene palibe anafunsa. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe safunika positala kuti adziwe kuti uchembere umapha, anakhalapo pa siwa ya mnzake, ena anasambitsa nawo. Chimene chimamuchedwetsa ndi china. Ambiri kwathu kuno mimba siilengezedwa isanaoneke, kuopa anthu a maso oipa kuti angaimange, komanso kuopa kuti ikapita padera mudzi wonse udziwa, ndiye kukakhala pamzere wa sikelo pamene neba wako angakuone kuli ngati kulengeza pa wailesi. Wina ndi wa geni, tsiku la kusikelo ndi tsiku loti madzulo poto sakhala pamoto. Wina anamva kuti popanda abambo akunyumba akakubweza, pomwe bamboyo ali ku Joni kapena anaikana mimbayo. Wina ndi mtsikana wa fomu 2. Onsewa mantha ali nawo kale odzadza, ukawonjezerapo ena amangobisala kwambiri.

Titachotsa pepala lija tinakhala pansi ine ndi alangizi a zaumoyo awiri kuti tilembe lina, ndipo tinayamba ndi funso loti kodi tikufuna mayi achite chiyani kwenikweni, liti. Yankho lake lilipo lomveka. Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo ka 8, osati kanayi ngati kale, ndipo ulendo woyamba ukhale mkati mwa masabata 12 oyambirira, kunena kwake miyezi itatu isanathe. Chifukwa chake si chongofuna kudzaza kaundula. Ulendo woyambawo timayeza HIV ndi chindoko, ndipo zonsezi zikapezeka msanga mankhwala amayambika msanga n'kumuteteza mwana, chindoko makamaka, chimapha mwana m'mimba mwakachetechete pomwe jakisoni wake ndi wa penisilini wamba. Timayeza kuchuluka kwa magazi ndi bipi, timapereka neti, mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata. Fansida woteteza malungo amayamba miyezi itatu ikangodutsa, motalikanitsa mwezi, osachepera katatu, ndiye wobwera pa miyezi 8 wamanidwa kale maulendo ena.

Zonsezi sizingalowe pa positala, ndipo zisalowe. Koma zimakuthandiza kuona kuti uthenga wako ndi wa zinthu zimene mayi akalandire, osati za chilango.

Choyamba chimene tinalemba chinali "Yambani sikelo msanga." Mlangizi mmodzi anaseka, akuti msanga wake uti? Kwa agogo ake msanga ndi pamene mwana wayamba kusewera m'mimba, imeneyo ndi miyezi inayi kapena isanu. Tinayesa "musanathe masabata 12", koma ndani amawerenga mimba m'masabata kupatula ife a yunifolomu? Mayi amawerenga mwezi umene sanapite kumwezi. Ndiye tinafika pa "Mwadumphitsa mwezi? Bwerani kusikelo." Apa ndiye panali poyambira pooneka, chinthu choti iye yekha amachidziwa m'thupi mwake popanda wina kumuuza.

Wina anati tiikepo mwambi, m'mera mpoyamba. Ndimaukonda mwambiwu koma ndinakana, chifukwa kwa mayi wa tomato uja ukunenanso zomwe zija za manda, mwaulemu chabe. Ukhoza kugwira pa msonkhano wa kwa amfumu kapena pa chilangizo cha a chinkhoswe, pamene omvera sanaime, koma osati pakhoma pamene wochedwa akhale pansi pake. M'malo mwake tinawonjezera mzere wachiwiri wa iyeyo: "Ngakhale mimba yakula, bwerani, tikulandirani."

Pamene tinakangana kwambiri ndi pa abambo. Mapositala ambiri amalemba kuti bwerani ndi amuna anu, ndipo cholinga ndi chabwino, kuyezetsa magazi limodzi kumathandiza, chindoko ukachiza mayi yekha bambo amamupatsiranso. Koma chiganizo chomwecho chikafika m'makwalala chimasanduka lamulo, anthu amauzana pa mjigo kuti wopanda mwamuna sakulandira, mpaka kumamveka nkhani zoti ena amachita kupempha wa kabaza kuti akaimire ngati bambo wa mwana. Tangoganizani, timuyeza magazi munthu wolakwika n'kulemba m'buku. Ife tinalemba kuti "Abambo ndi olandiridwa. Muli nokha? Bweranibe." Ka -be kameneko ndi kamene kakugwira ntchito yonse.

Pali msampha wina umene anthu a mtima wabwino amagweramo akathawa mawu oopseza, ndiwo kulonjeza. "Pitani kusikelo kuti mubereke mwana wathanzi." Chikumveka bwino eti? Koma ine ndagwirapo dzanja la mayi amene sanajombe ulendo ndi umodzi womwe, mapiritsi onse anamwa, mwana n'kubadwa wozizira. Ndipo mnzake amene anabwera kawiri kokha mwana wake akadwala, apongozi amamuwerengera positala yomweyo mobwerera, si uja sunkapita kusikelo. Choncho chitonzo chimatha kubisala ngakhale m'mawu okoma. N'chimodzimodzi ndi aja oti "Mayi wanzeru amapita kusikelo", nanga amene analibe ya minibasi ndi chitsiru? Ine muyeso wanga ndi uwu, ndimawerenga mawuwo ndikuganiza kuti pabenchi pakhala mayi amene mimba yapitayo inapita padera. Ngati sindingawanene ndikumuyang'ana m'maso, samatidwa. Sikelo imathandiza kupeza mavuto msanga, zimenezo ndi zimene tinganene popanda kunama, monga "Tiyeni tione limodzi mmene mwana akukulira."

Ena amandifunsa kuti ndiye tisamatchule zoopsa n'komwe? Ayi, zizindikiro zoopsa timazitchula, ndipo mosapita m'mbali. Kutaya magazi, mutu waukulu wosamva panado limodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, madzi kusweka nthawi isanakwane, mwana kusiya kusewera. Kusiyana kwake kuli poti chizindikiro chilichonse chimabwera ndi chochita. "Mwaona magazi? Musadikire tsiku la sikelo, bwerani lero, ngakhale usiku." Pamenepa mayi wapatsidwa njira. Chithunzi cha bokosi la maliro sichimupatsa njira iliyonse. Ndipo mzere wa kusadikira tsikuwo ndi wofunika kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa tikalemba deti m'buku ambiri amalitenga ngati la kukhoti, amakhala kunyumba mutu ukuwawa kudikira Lachinayi lawo.

Tisanapite nazo kosindikiza tinazilemba pa makatoni n'kupita nazo pabenchi. Apa pali kaluso pang'ono. Ukafunsa kuti "mwazikonda?" aliyense amati eee anesi zili bwino, ndani angatsutse munthu amene akamugwire pamimba posachedwa. Timapempha mlangizi amene sanavale yunifolomu awerenge mokweza kamodzi kokha, popeza si onse amawerenga, kenako afunse kuti pepalali likuti mutani, likulankhula ndi ndani, nanga mng'ono wanu atalimva angamve bwanji. Pomwepo ndi pamene mzere wina umene ine ndinkaukonda unagwa. Ndinalemba "Chinsinsi chanu ndi chathu", kutanthauza kuti sitiulula za mimba yanu. Mayi wina wachikulire anati, "Iii, chathu ndi ndani? Ndiye kuti manesi onse adziwa?" Ena anamva ngati tikunena za kachilombo basi. Tinasintha n'kukhala "Za mimba yanu sitiuza munthu."

Koma mzere umenewu tinatsala pang'ono kuusiya, chifukwa nthawi imeneyo tinkaitana maina mokuwa pakhonde, ndipo oyamba kumene sikelo tinkawaika benchi yawoyawo pafupi ndi njira yopita ku famase, pamene aliyense wodzatenga mankhwala a chifuwa amadutsa. Ungalembe bwanji kuti sitiuza munthu benchi ikuuza kale? Tinayamba tasuntha benchiyo kupita kuseri, ndi kugwirizana tonse, mpaka mlonda wa pageti ndi amayi okolopa, kuti funso loti "munali kuti nthawi yonseyi" lisamamvekenso. Ine ndemwe linandipulumuka kangapo, pakamwa pazolowera. Pano mayi wa mimba yaikulu akalowa ndi buku loyera ndimati, "Mwachita bwino kubwera mayi, khalani apa tione bipi", za chimene chinamuchedwetsa ndimafunsa pambuyo ndikumuyeza pamimba, katani itatsekedwa.