Lita imodzi ya asidi ndi tsamba limene liyenera kuiperekeza

Ntchito imene ophunzira ntchito ambiri amayambira mu labotale yoyeza zinthu ndi yosungunula mankhwala. Tiyerekeze kuti wokuyang'anirani wakuuzani kuti mukonze lita imodzi ya asidi wa HCl wa mphamvu ya 0.1 mol/L, woti ayezere madzi amene makasitomala abweretsa. Ntchitoyi singathe ola limodzi, koma aliyense amene adzatunge m'botolo limenelo kwa milungu ingapo adzadalira zimene inu munachita ndi zimene munalemba.

Musanatsegule botolo lililonse, tsegulani kope. Likhale losokedwa, la masamba okhala ndi manambala, kuti tsamba likathothoka zidziwike. Lembani ndi bolopeni, chifukwa za pensulo zimafufutika osasiya chizindikiro. Pamwamba pa tsamba ikani tsiku, dzina lanu, ntchito imene mukuchita ndi nambala ya ndondomeko imene mukutsatira. Kenako koperani zimene zili pa botolo la asidi: kampani yopanga, nambala ya gulu limene botololo linapangidwiramo, mphamvu yake ndi tsiku lotha ntchito. Nambala ya gulu ija ambiri amaidumpha, koma zotsatira zikadzayamba kusokonekera, ndiyo imathandiza kudziwa ngati vuto linayamba pa botolo latsopano.

Masamu nawo alembedwe ntchito isanayambe. Asidi wa HCl wa 37% amakhala ndi mphamvu pafupifupi 12 mol/L, choncho mukufunika 0.1 × 1000 ÷ 12, amene ndi mamililita 8.3. Onetsani njira yonse, osati yankho lokha, kuti wokuyang'anirani aone ngati kadontho ka nambala kakhala pamalo pake. Kusiyana kwa 8.3 ndi 83 n'kosavuta kukugwira papepala kusiyana ndi mufulasiki.

Asidi wamphamvuyu amatulutsa nthunzi yoyabwa m'maso ndi kukhosi akangotsegulidwa, ndiye amatsegulidwira m'kabati yokoka mpweya, chitseko chake chagalasi chitatsitsidwa mpaka pa mzere wolembedwa pambali. Werengani kaye chikalata cha chitetezo cha mankhwalawo, chimene m'mafayilo chimalembedwa SDS. Valani khoti la mu labotale lomangidwa mabatani, nsapato zophimba phazi lonse, magolovesi, ndi magalasi otchinga maso mbali zonse. Magalasi owerengera sakwanira, poti dontho limatha kulowera cham'mbali. Pitaninso mukaone ndi maso anu pamene pali mpope wotsukira m'maso ndipo muyese ngati ukutulutsa madzi. Munthu amene asidi wamugwera m'diso saona bwino, sangayambe kufunafuna nthawi imeneyo.

Thirani madzi oyeretsedwa pafupifupi theka la lita mufulasiki ya lita imodzi, kenako muthiremo asidi pang'onopang'ono uku mukuzunguza. Madzi ndiwo amayamba nthawi zonse. Asidi akamasakanikirana ndi madzi pamatuluka kutentha. Madzi akakhala ambiri amamwa kutenthako, koma madzi pang'ono akagwera pa asidi wamphamvu amatha kuwira pomwepo n'kukuthovukirani kumaso. Ndi asidi wa H2SO4 ngoziyi imakula kwambiri, ndiye ndi bwino dzanja lizolowere pa ntchito yaing'ono ngati iyi. Pipeti, kachubu kagalasi koyezera asidiyo, isakokedwe ndi pakamwa, ngakhale muli madzi okha. Dikirani fulasiki ifanane kutentha ndi chipinda, onjezani madzi mpaka pansi pa kupindika kwa madziwo pakhudze mzere, diso lanu lili molingana ndi mzerewo. Tsekani, ndipo muitembenuze kambirimbiri kuti zisakanikirane.

Asidi akakugwerani pakhungu kapena m'diso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, vulani chovala chimene chanyowa, ndipo wina akaitane wokuyang'anirani. Musathire mankhwala ena pakhungu pofuna kupha asidiyo. Akatayikira pathebulo pang'ono, ufa wa NaHCO3 umawazidwa kuyambira m'mphepete mpaka thovu litasiya. Ngozi iliyonse, ngakhale yooneka yaing'ono, inenedwe ndi kulembedwa tsiku lomwelo.

Tsopano pali chinthu chimene ophunzira ambiri amaphonya: zimene zili mufulasiki si 0.1 mol/L ndendende. Asidi wamphamvu amachepa mphamvu botolo likamatsegulidwatsegulidwa, ndipo 37% ija ndi yongoyandikira. Mphamvu yeniyeni imapezeka poyeza asidiyo ndi ufa wa Na2CO3 woumitsidwa bwino mu uvuni. Apa m'pamene kope limagwira ntchito yaikulu.

Tinene kuti sikelo yaonetsa magalamu 0.1310. Lembani nambalayo m'kope nthawi yomweyo, muli pa sikelo, pamodzi ndi nambala ya sikeloyo. Musailembe pa golovesi kapena pakapepala n'cholinga choti mukakopere bwino madzulo. Pokopera m'pamene 0.1310 amasanduka 0.1301. Ziro womalizayo musamusiye, chifukwa akusonyeza kuti sikelo inawerenga mpaka malo anayi. Sungunulani ufawo m'madzi, donthezanimo mankhwala osintha mtundu, ndipo mudonthezere asidi kuchokera mu byureti, chubu chagalasi cha manambala chokhala ndi kampope kumunsi, mpaka mtundu usinthe. Lembani poyambira ndi pothera, mwachitsanzo 0.50 ndi 24.80, kenako kusiyana kwake, mamililita 24.30. Mukangolemba 24.30 yekha, palibe angadzaone ngati munalakwitsa pochotsera.

Molo imodzi ya Na2CO3 imalemera magalamu 105.99 ndipo imadya mamolo awiri a HCl. Masamu ake ndi 0.1310 ÷ 105.99 × 2 ÷ 0.02430, pamene 0.02430 ndi mamililita 24.30 aja atasinthidwa kukhala malita, ndipo yankho ndi 0.1017 mol/L. Wina akagwiritsa ntchito asidiyu akuganiza kuti ndi 0.1000, zotsatira zake zonse zitsika ndi pafupifupi 1.7%, ndipo palibe chimene chingamuchenjeze, chifukwa akabwereza apezabe nambala yomweyo.

Kuyezaku kuchitike katatu. Nanga ulendo umodzi ukasiyana ndi maulendo ena awiriwo? Onani kumlomo kwa byureti. Kathovu ka mpweya kakabisala kumeneko n'kutuluka pakati pa ntchito, byureti imaonetsa ngati mwathira asidi wambiri kuposa amene walowadi, ndipo mphamvu imene muwerengere imatsika. Ngati mwakaonadi kathovuko, lembani zimenezo pambali pa nambalayo, bwerezani kuyeza, ndipo wokuyang'anirani avomereze kuti nambalayo isawerengedwe. Ngati simunaone chifukwa chilichonse, nambalayo siichotsedwa chabe chifukwa sikukusangalatsani. Kutaya nambala mwakachetechete ndi chinyengo, ngakhale wochitayo atakhala kuti amangofuna tsamba looneka bwino.

Mukalakwitsa polemba, dulani ndi mzere umodzi woti zakalezo ziziwerengekabe, lembani zoona pambali, ndi zilembo zoyamba za dzina lanu, tsiku ndi chifukwa chake. Utoto woyera wofufutira usayandikire kope. Malabotale ovomerezeka pa muyezo wa ISO/IEC 17025 amayenera kusunga zolemba zoyambirira pamodzi ndi zosinthidwa, komanso kusonyeza amene anasintha ndi tsiku lake. Malo otsala opanda kanthu pa tsamba adulidwe mzere kuti pasadzalembedwe china pambuyo pake. Kope ndi la labotale, silipita kunyumba, ndipo za makasitomala zimene zili m'menemo sizijambulidwa pa foni.

Pa botolo losungira asidi matani chizindikiro chokhala ndi dzina la mankhwala, mphamvu imene mwapeza powerengera pakati pa maulendo atatu aja, tsiku lokonza, tsiku lotha ntchito malinga ndi ndondomeko, dzina lanu ndi nambala ya tsamba la m'kope. Zotsala zipite m'chigubu cha zinyalala za asidi chokha. HCl akakumana ndi mankhwala oyeretsera a NaOCl amatulutsa mpweya wa kolorini umene umawononga mapapo. Vulani magolovesi musanagwire chitseko kapena foni, sambani m'manja, sainani tsamba, ndipo mulipereke kwa wokuyang'anirani kuti aone masamu ndi kusaina asidiyo asanayambe kugwiritsidwa ntchito.