Uneba wa Maule ndi Manoma ku Kasungu

Mukafika pa Chinkhoma kapena pa Santhe Lolemba m'mawa, Bullets ndi Wanderers zitakumana dzulo lake, mudzaona munthu akulowa mu shopu ya mnzake mwakachetechete, chipewa chili m'manja ngati wafika pasiwa. "Pepani aneba, tamva zovuta zakugwerani. Mwambo uyamba nthawi yanji?" Mwini shopu sakwiya. Amangoyankha kuti, "Khalani pansi achimwene, maliro ndi kulirana, anu akubwera." Onse n'kuseka. Matimu a mpira awiriwa, Bullets yotchedwa Maule ndi Wanderers yotchedwa Manoma, ndi a ku Blantyre, kutali ndi kuno, koma nthabwala zawo zinazika mizu ku Kasungu kalekale.

Mawu oti neba ali ndi gwero lake. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo mu 1967 osewera ena anachokako n'kuyambitsa Bullets. Ndi ana a nyumba imodzi amene anagawana mbale, onse a mumzinda umodzi, onse ozolowera bwalo la Kamuzu. N'chifukwa chake wa Manoma akathedwa mawu amathawira ku ukulu: "Tinakuberekani ndife." Wa Maule naye sachedwa: "Mwana akamanga nyumba ya malata, bambo asamanyadire ya udzu."

Mayina a makampani othandiza matimu anawonjezera nkhuni pamoto. Bullets inakhala nthawi yaitali ikutchedwa Bata Bullets, pomwe Wanderers inatchedwapo Limbe Leaf Wanderers. Kuno kwathu, kumene fodya ndiye ndalama, dzina la Limbe Leaf silinali lachilendo, ndipo achikulire ena mpaka lero amanyogodolana kuti awa ndi a nsapato, awo ndi a fodya. Wa fodya amati nsapato zimenezo munagula ndi ndalama yathu.

Koma chimene chinaphunzitsa anthu kupirirana, m'kuona kwanga, ndi wailesi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu ambiri a kuno ankasapota timu imene sanaionepo ndi maso. Kinnah Phiri wa Bullets ndi Jack Chamangwana wa Wanderers ankawadziwira pa MBC basi. Wailesi m'mudzi kapena pa esiteti inkakhala imodzi, mabatire osonkherana. Ukanyoza mwini wailesi mopyola muyezo, Loweruka lotsatira umvera kuti? Ofiira ndi abuluu ankakhala pamphasa imodzi, ndipo aliyense ankadziwa polekezera.

Chikhalidwe chathu chinali nacho kale chikombole chake, chomwe ndi chisuweni. Msuweni umamunena kuti ndi waulesi, ndi wosadziwa kuphika, iye n'kubweza, popanda wopita kwa amfumu. Adzukulu pamaliro nawonso amaseketsa anamfedwa. Chipepeso cha Lolemba chija chinatengera pamenepo.

Ndikumbuka telala wina wa Manoma ndi wometa wina wa Maule amene makonde awo anali oyandikana. Wanderers itatenga ligi mu 2017, telala anasoka kansalu kabuluu n'kukapachika pakhomo la mnzake, ati katani yaulere. Wometa sanakachotse. Anakasiya pomwepo, ndipo Bullets itatenga ligi mu 2018 anakapinda bwinobwino n'kukabweza pa mbale, ati mupukutire misozi. Bullets inapitiriza kutenga ligi mpaka 2023, ndiye telala anavutika zaka zambiri. Tsiku lina mnyamata wophunzira kumeta analowererapo, nati, "Iwe ngakhale ngongole ya mashini sunamalize." Pakhonde panangoti zii. Amene anamudzudzula ndi bwana wake yemwe, wa Maule mnzake: "Apa tikunena za mpira. Pepesa kwa akuluwa."

Malire ake ndi amenewo. Goloboyi wa timu, mphunzitsi, chikho chimene chinasowa, zonsezi ndi ndiwo zovomerezeka. Mkazi wa munthu, mayi ake, ngongole, matenda, mtundu ndi chipani sizilowa. Chizindikiro choti zayamba kupotoka chimamveka m'mawu momwemo: "timu yanu" ikasanduka "iwe", ndiye kuti nthabwala yatha. Ndipo woletsa amayenera kuchokera mbali ya wolakwayo, chifukwa akaletsa wa timu inayo zimaoneka ngati wapsa mtima ndi zigoli.

Sindikunena kuti mpira wa m'dziko muno sunaonepo miyala ikuuluka m'mabwalo. Zimachitika, makamaka pakati pa anthu osadziwana amene sadzaonananso. Pa Santhe zimavuta, poti amene wamuseka lero ndi yemwe adzakukongoze feteleza mu Disembala.

Mu 2024 ligi inapita kwa Silver Strikers ya ku Lilongwe. Telala ndi wometa uja anakhala pa benchi imodzi sabata yathunthu, akugwirizana koyamba kuti Mabanka angochita mwayi.