Kusintha bainale kukhala hekisadesimo poika mabiti m'magulu a anayianayi

Nambala ya bainale monga 1011010110 imatopetsa maso. Ukayesa kuikopera pa pepala, n'kosavuta kudumpha 1 mmodzi kapena kuwonjezera 0 osazindikira. N'chifukwa chake anthu a makompyuta amakonda kulemba nambala yomweyo mu hekisadesimo, kapena hekisi mwachidule, ndipo imangokhala 2D6. Kuchoka pa mabiti khumi aja kufika pa 2D6 sikufuna kuchulukitsa kapena kugawa manambala akuluakulu. Kumangofuna kudula mabitiwo m'magulu a anayianayi, kuyambira mbali yoyenera.

Biti ndi dijiti imodzi ya bainale, ndipo imakhala 0 kapena 1 basi. Mabiti anayi akaikidwa pamodzi amatha kusanjidwa m'njira 16 zosiyana, kuyambira 0000 mpaka 1111, chifukwa 2 × 2 × 2 × 2 ndi 16. Hekisi nayo ili ndi madijiti 16 ndendende: 0 mpaka 9, kenako A, B, C, D, E ndi F zomwe zimaimira 10, 11, 12, 13, 14 ndi 15. Choncho gulu lililonse la mabiti anayi lili ndi dijiti yakeyake ya hekisi, ndipo palibe chotsalira mbali iliyonse. Apa ndi pamene pagona njira yonseyi. Gulu la mabiti anayili ena amalitcha nibo, ndipo magulu awiri otere amapanga baiti, yomwe ndi mabiti 8. Ndiye baiti iliyonse imalembedwa ndi madijiti awiri a hekisi, kuyambira 00 mpaka FF.

Ambiri amayamba ndi kuloweza magulu onse 16 ndi madijiti ake a hekisi. Sikulakwa, koma chofunika kwenikweni ndi manambala anayi okha: 8, 4, 2, 1. Umenewu ndi mtengo wa malo anayi a m'gulu, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pomwe pali 1 mumawerengera mtengo wa malowo, pomwe pali 0 mumausiya. Gulu la 0110 ndi 4 kuphatikiza 2, ndiye 6. Gulu la 1101 ndi 8 kuphatikiza 4 kuphatikiza 1, zomwe ndi 13, ndipo 13 mu hekisi ndi D. Zilembozi n'zimene zimachedwetsa munthu masiku oyamba. Gwirani zitatu kaye: A ndi 1010, C ndi 1100, F ndi 1111. Zinazo zili pafupi ndi zimenezi, pakuti B ndi A kuwonjezera 1, D ndi C kuwonjezera 1, E ndi F kuchotsa 1.

Tsopano titenge nambala yathu ija, 1011010110. Kudula kumayambira kumanja. Mabiti anayi omalizira ndi 0110. Anayi otsatira ndi 1101. Kumanzere kwatsala awiri okha, 10, ndipo gulu loperewerali timalidzaza ndi maziro kutsogolo kwake kuti likhale 0010. Kenako gulu lililonse lipatsidwe dijiti yake:

```
0010 1101 0110
   2    D    6
```

Yankho ndi 2D6. Titsimikize podutsa m'manambala athu a masiku onse, amene amatchedwa desimo. Mu hekisi malo amakula ka 16: oyamba kumanja ndi a 1, achiwiri ndi a 16, achitatu ndi a 256. Ndiye 2 × 256 ndi 512, 13 × 16 ndi 208, ndipo 512 + 208 + 6 ndi 726. Ku bainale, ma 1 aja akhala pa malo a 512, 128, 64, 16, 4 ndi 2, omwe akaphatikizidwa amakwananso 726.

Nkhani yoyambira kumanjayi ndi imene imagwetsa ophunzira ambiri, chifukwa dzanja linazolowera kuyamba kumanzere monga powerenga mawu. Ganizirani mmene timaikira makoma polemba ndalama. Polemba K1,250,000 timawerenga madijiti atatuatatu kuchokera kumanja, ndipo gulu loperewera limagwera kumanzere. Palibe amene amalemba K125,000,0. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa malo umayamba kuwerengedwa pa dijiti ya kumanja kwenikweni, ndipo ku bainale n'chimodzimodzi.

Onani zomwe zimachitika munthu akayambira kumanzere. Amapeza 1011, kenako 0101, kenako 10 wotsala kumapeto. Akadzaza gulu lomalizali ndi maziro kumanja kwake kuti likhale 1000, yankho limatuluka B58, lomwe ndi 2904. Nambalayi ndi 726 kuchulukitsa ka 4, ndipo sizinangochitika mwangozi: ziro aliyense woikidwa kumanja kwa nambala ya bainale amaichulukitsa kawiri, monga mmene ziro woikidwa kumanja kwa 50 amaisandutsira 500. Ziro wa kumanzere sasintha kanthu, 050 ndi 50 yemweyo. Pali njira yachangu yogwirira cholakwika chimenechi. Nambala ya mabiti 10 singapose 1111111111, yomwe ndi 3FF, choncho dijiti yake yoyamba ya hekisi singapitirire 3. Mukaona B kutsogolo, dziwani kuti mwadulira mbali yolakwika. Cholakwikachi chimabisala nambala ikakhala ya mabiti 8, 12 kapena 16, chifukwa pamenepo magulu amakwanira mbali iliyonse yomwe mungayambire. Munthu akhoza kukhoza mafunso angapo a baiti imodzi ali ndi chizolowezi cholakwika, n'kudzagwa tsiku lomwe wapatsidwa mabiti 10.

Kubwerera kuchokera ku hekisi kupita ku bainale n'kosavuta kuposa apa, koma kulinso dzenje lake. Dijiti iliyonse ya hekisi iyenera kulembedwa ndi mabiti anayi athunthu, ngakhale ikhale yaing'ono chotani. Titenge 305 ya hekisi. 3 ndi 0011, 0 ndi 0000, 5 ndi 0101, ndiye nambala yonse ndi 0011 0000 0101, yomwe mu desimo ndi 773. Wofulumira amati 3 ndi 11, 0 ndi 0, 5 ndi 101, n'kulumikiza kukhala 110101. Imeneyo ndi 53, nambala ina kotheratu. Maziro omwe mungafufute ndi okhawo a kutsogolo kwa nambala yonse, ndipo muwafufute mutamaliza kulumikiza. Apa ndi awiri oyamba aja, ndipo patsala 1100000101. A m'kati onse akhale pomwepo, chifukwa ndi amene akusunga malo a ma 1. Musanafufute kalikonse werengani mabiti: madijiti atatu a hekisi ayenera kupereka mabiti 12, madijiti anayi mabiti 16.

Cholakwika china n'chaching'ono koma chimasokoneza yankho lonse. Munthu amawerengera bwinobwino kuti 1010 ndi 10, n'kulemba 10 m'malo mwa A. Ndiye 1010 0011, yomwe ndi A3, imalembedwa 103. Magulu anali awiri koma madijiti atuluka atatu, ndipo chimenecho chokha n'chokwanira kukuuzani kuti pena palakwika.

Mwina mwaona kuti 305 ya hekisi ikuoneka ngati 305 wamba. Pofuna kupewa chisokonezo chimenechi, zinenero zolembera mapulogalamu monga C, Java ndi Python zimaika 0x kutsogolo kwa nambala ya hekisi, ndipo Python imaika 0b kutsogolo kwa ya bainale. Zizindikirozi si mbali ya nambala, musaziwerengere podula magulu. Ngati muli ndi Python, mizere iwiri iyi ingakuyesereni mayankho a pa pepala:

```
hex(0b1011010110)      # '0x2d6'
format(0x305, '012b')  # '001100000101'
```

Zilembo zazing'ono kapena zazikulu zilibe kanthu, 2d6 ndi 2D6 ndi nambala imodzi. Mzere wachiwiriwo ukulamula kuti yankho likhale la mabiti 12. Mukagwiritsa ntchito `bin(0x305)`, Python imataya maziro a kutsogolo, ndipo musadabwe kuona mabiti 10 okha. Pa Windows, pulogalamu ya Calculator ili ndi gawo lotchedwa Programmer lomwe limaonetsa HEX, DEC, OCT ndi BIN nthawi imodzi, ndipo bainaleyo imakhala yodulidwa kale m'magulu a anayianayi.

Njirayi siigwira pa desimo. Simungatenge 726 n'kusintha 7, 2 ndi 6 payekhapayekha kuti mupeze bainale yake, chifukwa 10 sapezeka pochulukitsa 2 ndi 2 kangapo monga mmene 16 amapezekera. Imagwira pa okito, yomwe ili ndi madijiti 8, koma kumeneko magulu amakhala a mabiti atatuatatu. Nambala ikakhala ndi kadontho, kudula kumayambira pa kadonthopo: mbali ya kumanzere mumapita chakumanzere, ya kumanja mumapita chakumanja, ndipo kumeneku kokha ndi komwe maziro odzazira amaikidwa kumapeto. Mwachitsanzo 101.11 imakhala 0101.1100, yomwe ndi 5.C.

Phindu lenileni la maguluwa limaoneka mukafuna kudziwa biti imodzi yokha m'kati mwa nambala yaitali. Foni kapena laputopu iliyonse yolumikizika pa Wi-Fi ili ndi adilesi ya MAC, ya mabiti 48, yolembedwa ndi madijiti 12 a hekisi awiriawiri, mwachitsanzo 3A:1F:08:C4:90:7B. M'baiti yoyamba, biti yachiwiri kuchokera kumanja imanena ngati adilesiyo inachokera kwa opanga chipangizo, pomwe imakhala 0, kapena yangoikidwa ndi pulogalamu, pomwe imakhala 1. Mafoni ambiri a masiku ano amadzipangira adilesi yotere kuti asamalondoledwe akamasintha netiweki. Kuti muone bitiyo simufunika kutambasula mabiti onse 48. Biti yomwe mukuifuna ili m'gulu lachiwiri, ndiye mungoyang'ana dijiti yachiwiri, yomwe apa ndi A. A ndi 1010, pa malo a 2 pali 1, choncho adilesiyi ndi yodzipangira. Biti yomalizira ya gulu lomweli imakhala 0 pa adilesi ya chipangizo chimodzi, ndiye magulu otheka pa adilesi yodzipangira ndi anayi okha: 0010, 0110, 1010 ndi 1110. N'chifukwa chake wokonza netiweki akaona 2, 6, A kapena E pa malo achiwiri m'ndandanda wa zipangizo pa rauta, amadziwiratu kuti adilesiyo si ya ku fakitale, ndipo foni yomweyo ikhoza kuoneka ndi adilesi ina pa netiweki ina.