Mwana wamwa palafini kapena mapilitsi? Musamusanzitse, nyamukani naye

Amayi, abambo, agogo ndi inu nonse osiyiridwa ana kuno kwathu ku Salima, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay mpaka Khombedza, uthenga uwu ndi wa ana a chaka chimodzi mpaka zitatu, aja angoyamba kuyenda ndipo chilichonse chomwe atola chimathera mkamwa. Nkhani yanga yaikulu ndi imodzi: mwana akameza mankhwala kapena poizoni wa pakhomo musamusanzitse, komanso musadikire kuti muone kaye ngati adwale.

Tiyambe ndi palafini poti ndi amene amavuta kwambiri. Timamusunga m'botolo la fanta kapena la madzi, chimodzimodzi petulo wa njinga za kabaza ndi wa injini za maboti, nde ndi kutentha kwa kunyanja kuno mwana ali ndi ludzu waona botolo kuseri kwa chitseko, iye amangodziwa kuti ndi chakumwa basi.

Tiyerekeze kamtsikana ka zaka 2, cha m'ma 3 koloko masana mayi ake akuyanika usipa pathandala, akumva kakutsokomola mkati mwa nyumba, polowa apeza botolo lagwa, deresi lanyowa, mkamwa mukununkha palafini. Apa mpamene ambiri timalakwitsa, anthu amadzadza pakhomo wina akuti mpiseni chala kukhosi, wina akuti mummwetse mkaka, wina mafuta ophikira, wina dzira laliwisi kapena madzi a mchere, onse ndi mtima wofuna kuthandiza koma zonsezi ayi. Palafini akakhala m'mimba saononga kwenikweni, chomwe timaopa ndi mapapo. Ndi wopyapyala kwambiri moti mwana akamasanza, timadontho tina timalowera njira ya mpweya nkukawotcha mapapo, kenako chibayo. Ndiye kusanzitsa kuja ndi kumpatsa palafini mpata wachiwiri wolowa komwe sanafike poyamba. Mkaka ndi mafuta sizisukulutsa palafini, zimangoputa mseru. Madzi a mchere okha paokha atha kupha kamwana.

Chofunika kuchita mayi uja nchochepa. Amuchotsere botolo, amuvule deresi lonyowalo, amusambitse msanga ndi sopo pomwe padontha palafini, osampatsa chakumwa kapena chakudya mpaka aonedwe, atenge botolo lomwelo ndi buku la kuchipatala nkuuyamba ulendo wa ku chipatala chapafupi. Ngati mankhwala alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15. Ndipo chonde pa njinga musamubereke kumbuyo, mufungatireni kutsogolo komwe mukuona nkhope yake, chifukwa kumbuyo atha kusanza nkutsamwa inu osadziwa. Akasanza yekha kapena akayamba kuwodzera mugonekeni chammbali, nkhope yopendekera pansi kuti masanzi atuluke.

Kuchipatala akakuuzani kuti mukhale kaye maola osachepera 6 olo mwana akusewera, musaone ngati akukutayitsani nthawi. Chibayo cha palafini chimatha kuonekera patapita maola. Zizindikiro zake ndi kutsokomola kosalekeza, kubanika, nthiti kulowa mkati akamapuma, kubuula, thupi kutentha, milomo kuda. Mutha kuwerenga nokha mpweya wake ali phee: mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mothamanga. Mukaona izi mutabwerera kale kunyumba bwererani pompo, olo usiku.

Tsopano mapilitsi, ndipo apa ndikufuna mumvetsetse za panado chifukwa timamuderera kwambiri. Mbulu umodzi wa akulu ndi mamiligalamu 500. Madokotala amayamba kuda nkhawa mwana akamwa mamiligalamu 150 pa kilo iliyonse ya thupi lake. Mwana wa makilo 12, kuchulukitsa 12 ndi 150 ndi 1,800, kutanthauza kuti mibulu inayi yokha yadutsa kale mlingo woopsa. Choipa chake tsiku loyamba mwana amaoneka bwinobwino, mwina kusanza pang'ono basi, inu nkumati zadutsa, pomwe chiwindi chikuonongeka mwakachetechete, kufika tsiku lachiwiri kapena lachitatu maso achita chikasu mwana wafooka. Mankhwala oteteza chiwindi amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 8. Ndiye mwana wooneka wathanzi yemwe mwampeza ndi pepala la panado lopanda kanthu ndi wopita naye kuchipatala lero lomwe.

Aja mapilitsi owonjezera magazi omwe amayi oyembekezera amalandira ku sikelo nawonso ndi oopsa zedi kwa ana, amaoneka ngati maswiti. Mwana amasanza, kutsegula m'mimba mwina ndi magazi, kenako amaoneka ngati wachira kwa maola angapo, nkudzagwa mwamphamvu pambuyo pake. Mankhwala a agogo a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi ena mwa iwo olo mbulu umodzi kapena iwiri ndi wokwanira kufoola kamwana. Musanatuluke tolani mibulu yomwazika, chotsani yomwe mukuiona mkamwa, werengani yatsala ingati ndipo inalipo ingati, ndipo kumbukirani nthawi yomwe zachitika. Adokotala adzafunsa zinthu zitatu izi: wamwa chani, zochuluka bwanji, nthawi yanji. Nenani zoona olo mukuchita manyazi, palibe amene akukuzengani mlandu. Kufika msanga kuli ndi phindu linanso, kuli makala apadera akuchipatala omwe amagwira mankhwala ena m'mimba ndipo amathandiza kwambiri mu ola loyamba. Si makala a pambaula ayi, amenewo musasinje nkumwetsa mwana.

Tameki wa makoswe, mankhwala opopera thonje ndi mbewu zakudimba, komanso akiteliki wothira m'chimanga, awa sadikira. Mwana amachucha dovu, thukuta, misozi, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, pachifuwa kumveka phokoso la makhololo, ndipo kakuda ka pakati pa diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Mankhwalawa amalowanso kudzera pakhungu, nde muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo mwachangu, inuyo valani majumbo m'manja, kenako thamangani. Kuchipatala kuli jakisoni wolimbana ndi poizoni wa mtundu uwu koma amafuna mwana afike akupumabe bwino.

Jiki, klorini wa ufa ndi soda wopangira sopo uja zimawotcha mkamwa ndi kummero, kumusanzitsa nkumuwotcha kawiri. Mupukuteni mkamwa ndi kansalu konyowa, ngati ali maso ndipo akumeza bwino mutha kumpatsa madzi pang'ono chabe, osathira mandimu kapena viniga ati kuti muphe mphamvu yake. Akamachucha dovu, kukana kumeza kapena mawu kusasa, osampatsa kanthu kalikonse.

Thandizo loyamba ndi chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, iwo ndi amene angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma ku Salima ngati pakufunika. Mukafika musakhale pamzere, pitani kutsogolo muuze anamwino kuti mwana wamwa poizoni, muwaonetse botolo. Chipatala cha pa Foni pa 929 mutha kuimba muli kale m'njira, osati kukhala pakhonde kudikira foni iyankhidwe.

Mukabwerako, palafini ndi petulo zichoke m'mabotolo a zakumwa, zikhale m'chigubu chotseka bwino cholembedwa, pamwamba pomwe mwana safika olo atakwera pampando. Mapilitsi asakhale pansi pa pilo, pawindo kapena m'chikwama cha m'manja chomwe mwana amaseweretsa kutchalitchi kapena pamaliro, ndipo pommwetsa mankhwala musamamunyengerere kuti ndi switi. Alendo akabwera kudzagona, makamaka agogo oyenda ndi mankhwala awo m'kajumbo, apempheni mwaulemu muwasungire m'bokosi lokhoma.