Linki ikatsegula Chrome m'malo mwa apu, musanamizire foni ya kasitomala

Ndatopa kumva eni mabizinesi ndi akuluakulu a sukulu kuno ku Zomba akunena kuti linki imene anatumiza pa WhatsApp yalephera kutsegula apu yawo chifukwa mafoni a makasitomala ndi akale, kapena chifukwa netiweki ya ku Chinamwali ndi yofooka. Kawirikawiri vuto limakhala pa webusayiti yanu, m'kafayilo kamodzi kamene wokupangirani apu anaiwala kapena anakalemba molakwika.

Linki yoti ifikitse munthu patsamba lenileni m'kati mwa apu, monga pa bilu ya mwana wake, imaoneka ngati linki wamba yoyamba ndi https. Koma foni siingaipereke kwa apu iliyonse imene yanena kuti linkiyo ndi yake, pakuti zikanatero wakuba akanapanga apu yolanda malinki a banki yanu. Choncho apu ikangoikidwa, foni ya Android imapita ku webusayiti yotchulidwa mu linkiyo kukafunafuna chilolezo pamalo awa:

```
https://example.com/.well-known/assetlinks.json
```

M'fayiloyi mumalembedwa dzina la apu ndi chizindikiro cha SHA-256 cha kiyi imene inasainira apuyo. Zikagwirizana ndi za apu imene ili m'foni, linki imalowa mu apu. Zikasiyana, kapena fayiloyo ikasowa, mafoni a Android 12, amene anayamba kutuluka mu 2021, ndi onse atsopano kuposa pamenepo amangotsegula Chrome osafunsa. Akale ankafunsako munthu kuti asankhe, kotero kuti foni yatsopano ndi imene imaonetsa vutoli msanga. Ma iPhone nawo ali ndi fayilo yawo, `apple-app-site-association`.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya sukulu ina yoyima payokha imene inatumizira makolo malinki a fizi teremu itatsala pang'ono kuyamba. Pafoni ya amene anapanga apu zonse zinkayenda bwino, ndipo anaonetsa ahedi maso ndi maso. Koma kholo lililonse limene linatenga apuyo ku Play Store linkathera pa Chrome, patsamba lofunsa pasiwedi imene ambiri anali ataiwala, ndipo mapeto ake linali kukwera kabaza kukaima pamzere ku ofesi ya a basala, ntchito imene apuyo inagulidwira kuti ithetse. Chifukwa chake chinali chakuti apu ikaikidwa pa Play Store, Google imaisainanso ndi kiyi ina, yosiyana ndi imene wopangayo anatumizira apuyo. Iye analemba m'fayilo chizindikiro cha kiyi ya pakompyuta yake, chimene chinkagwirizana ndi apu ya m'foni mwake yokha, chifukwa anaiika kudzera pa chingwe. Chizindikiro choyenera chinali mu Play Console, tsamba la Google limene wopanga apu amayendetserapo apu yake ya pa Play Store, nthawi yonseyo, ndipo kukonza kwake kunali kuwonjezera mzere umodzi m'fayilomo.

Chimene chinandikwiyitsa ndi malangizo amene sukuluyo inalandira isanandipeze. Munthu wina wodzitcha katswiri anawauza kuti aleke Play Store n'kumatumizira makolo pa WhatsApp fayilo ya APK, imene imaika apu m'foni mwachindunji. Linki inayambadi kugwira kwa amene anachotsa apu yoyamba n'kuika imeneyo, koma makolo anaphunzitsidwa kuika m'foni fayilo iliyonse yobwera m'dzina la sukulu, pomwe m'mafoni omwewo ndi mmene muli Airtel Money ndi Mpamba zawo. Tsiku limene wakuba adzatumize APK yake yokhala ndi baji ya sukulu, kholo lidzaiika mosakayika. Aliyense wokuuzani kuti muchize linki potumiza APK, mumubweze pakhomo.

Mukhoza kufufuza nokha musanalipire munthu. Lembani adiresi ya fayilo ija mu Chrome, mutaika dzina la webusayiti yanu m'malo mwa example.com. Ngati simukuona mawu akuti `package_name` ndi `sha256_cert_fingerprints`, fayiloyo kulibe kapena inalembedwa molakwika. Ngati adiresi yasintha yokha n'kukupititsani kwina, monga kuwonjezera www kumayambiriro, dziwani kuti Android siitsatira kusamutsa kotereko pofuna chilolezo, ndipo dzina limene lili mu linki yanu liyenera kukhala ndi fayiloyo palokha. Kenako tengani foni ya munthu amene anatenga apu ku Play Store, osati ya wopangayo, mulowe mu Settings, musankhe apuyo, mudine Open by default kuti muone ngati webusayiti yanu yatsimikizidwa. Wopanga apu wodziwa ntchito angathe kukuonetsani zomwezo ndi lamulo ili, ataika dzina la apu yanu, ndipo pafupi ndi dzina la webusayiti payenera kulembedwa `verified`:

```
adb shell pm get-app-links com.example.sukulu
```

Musadikire kuti makasitomala adandaule, chifukwa ambiri sadandaula, amangosiya kudina. Makamaka ngati apu yanu inapangidwa zaka zapitazo ndipo malinki ake ali ndi mawu akuti page.link, itanani wopangayo sabata ino, pakuti malinki amenewo ankadalira Firebase Dynamic Links, imene Google inatseka pa 25 Ogasiti 2025, ndipo amene anasindikizidwa pa malisiti ndi pa zikwangwani zanu ayenera kusinthidwa onse.