Mlandu umene umazengedwa pakati pa usiku

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa zovala za kaunjika amene wakangana ndi amuna ake pa chakudya chamadzulo. Bambowo atumiza kumudzi ndalama zimene anagwirizana kuti ndi za fizi ya mwana. Mawu omaliza anali a bambo: “Inu mumangofuna abale anga azivutika.” Tsopano nthawi yakwana 1 koloko usiku. Bambo akuliza mkonono, mayi maso ali gwa kudenga. M'mutu mwawo mkangano sunathe. Akuyankha zimene analephera kuyankha, akukumbuka za chaka chatha, akuitana ankhoswe, mwinanso afika kale polongedza katundu.

Pa ntchito yanga ya uphungu, anthu otere amabwera ndi dandaulo limodzi: “Ndikuganiza kwambiri, tulo sitikubwera.” Ambiri amadziona ngati ofooka. Koma chimene chikuchitika chimayambira m'thupi. Munthu akakangana, thupi limatulutsa mahomoni a nthawi ya zoopsa, adirenalini ndi kotisolo. Mtima umathamanga, minofu imakungika, ubongo umakhala tcheru ngati mlonda amene wamva phokoso kumpanda. John Gottman, katswiri wa ku America amene wafufuza mikangano ya m'banja kwa zaka zambiri, anapeza kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi, munthu samvanso bwino zonena za mnzake, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike. Vuto la mayi uja ndi lakuti akangobwereza mawu a bambo m'mutu, thupi limayambiranso ngati mawuwo anenedwa kumene. Mphindi 20 zija sizikwana n'komwe.

Kuganiza kuli mitundu iwiri, ndipo mutha kuisiyanitsa nokha. Kwina kumathera pa chochita: mawa ndifunsa kuti zatsala zingati. Kwina kumangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake: n'chifukwa chiyani amandichita zimenezi, ndinalakwa chiyani ine. Dzifunseni kuti, pa theka la ola lapitali, ndapeza chatsopano chilichonse? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti mukuzenga mlandu pabwalo lopanda mfumu, woimbidwa mlandu ali mtulo.

Malangizo amene timapatsana kawirikawiri ndi akuti “ingosiyani kuganiza.” Sathandiza, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Mu 1987, katswiri wa za maganizo wa ku America, Daniel Wegner, ndi anzake anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera. Chimbalangondocho chinkangobwerabe, ndipo ataloledwa kuchiganizira, anachiganizira kuposa amene sanaletsedwe. Kuti ubongo uonetsetse kuti simukuganiza chinthu, uyenera kumachisuzumira. N'chimodzimodzi ndi kudzikakamiza kugona: tulo timathawa munthu wotithamangitsa.

Choncho chimene ndingawauze mayi aja n'chakuti adzuke. Inde, adzuke. Ngati mwatha mphindi pafupifupi 20 muli maso, mutu ukuwira, chokani pamalo ogonawo. Musayang'ane wotchi, ingoyerekezani. Njirayi inachokera kwa katswiri wa za maganizo wa ku America, Richard Bootzin, mu 1972, ndipo mpaka lero ndi msana wa chithandizo cha kusowa tulo chosagwiritsa ntchito mankhwala. Ubongo umaphunzira mwa chizolowezi. Mukatha masiku angapo mukulimbana ndi maganizo pabedi, bedilo limasanduka malo a nkhondo, moti ngakhale mkangano utatha, mukangogona pamenepo maso amayera. Wina anena kuti nyumba yanga ndi ya chipinda chimodzi, ndipita kuti? Mpando kapena mkeka wa pakona ndi wokwanira. Kuwala kukhale kochepa.

Mukakhala pamenepo, tengani pepala ndi cholembera. Apa ndi pamene ndimatha nthawi yambiri ndi anthu, chifukwa ambiri amalemba molakwika. Amadzaza masamba atatu ndi zolakwa zonse za mnzawo kuyambira tsiku la chinkhoswe, n'kubwerera pabedi atapsa mtima kuposa poyamba. Lembani mizere itatu yokha. Woyamba, chimene chandiwawa: “Andinena kuti ndimadana ndi abale awo, pamene ine ndimaopa kuti mwana abwezedwa kusukulu.” Wachiwiri, chochita chimodzi chaching'ono: “Ndifunsa kuti fizi yotsala tiipeza bwanji Lachisanu lisanafike.” Wachitatu, nthawi yake: “Mawa madzulo, ana akadya.” Pindani pepalalo, liikeni pansi pa chikho.

Ubongo umabwerezabwereza nkhani yosatha poopa kuti ingaiwalike. Ikakhala papepala, ili ndi tsiku lake, mlonda uja amapeza mpata wokhala pansi. Mu 2018, Michael Scullin ndi anzake a pa yunivesite ya Baylor ku America anapeza kuti anthu amene anatha mphindi 5 akulemba zoti achite masiku otsatira anagona msanga kuposa amene analemba zimene achita kale. Ganizolo likabweranso, ndipo lidzabwera ndithu, musalimbane nalo. Liyankheni mwachidule kuti “zalembedwa, mawa madzulo,” ngati mmene mungauzire mlendo wofika usiku kuti tikambirana kukacha.

Kenako thupi. Kokani mpweya kudzera m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chinsinsi chili potulutsa, chifukwa mtima umachepetsa liwiro pamene mpweya ukutuluka. Pitirizani kwa mphindi 5, ndipo mukamva chizungulire ndiye kuti mukukoka mpweya wambiri, chepetsani. Amene amapemphera angabwereze pemphero lalifupi lodziwika bwino motsatira kapumidwe kameneka, bola lisasanduke kukanena mnzanu kwa Mulungu, popeza uko n'kuzenga mlandu womwe uja pabwalo lina. Bwererani pabedi pokhapokha zikope zikayamba kulemera. Zikakanika, dzukaninso.

Foni ikhale patali. Uthenga wa pa WhatsApp wolembedwa 2 koloko usiku kwa mlamu kapena kwa amene mwakangana naye umabala mkangano wachiwiri, ndipo mukautumiza mudzatha ola lina mukudikira kuona ngati wawerengedwa. Mowa nawo ndi wonyenga: umagonetsa msanga, koma ukamatha m'thupi chakum'bandakucha umakudzutsani, maganizo aja ali pomwepo. M'mawa dzukani nthawi yanu ya masiku onse ngakhale mwagona maola atatu okha, ndipo pewani kugona nthawi yaitali masana. Kutopa kumeneko ndi kumene kudzakugonetseni usiku wotsatira.

Pepala lija limagwira ntchito ngati mukusunga pangano. Mayi aja akalemba “mawa madzulo” koma osayambitsa nkhaniyo, ubongo umaphunzira kuti pepalalo ndi bodza, ndipo usiku wotsatira sulikhulupirira. Ngati awiri simungathe kukambirana popanda kukwezerana mawu, chochita cha pamzere wachiwiri chikhale kuitana ankhoswe.

Njirazi zili ndi malire. Ngati simukugona chifukwa choopa kumenyedwa, mlonda wa m'mutu mwanu sakulakwitsa, ndipo sindingakuphunzitseni kumugoneka. Funani malo otetezeka, ndipo nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza inakhazikitsidwira zimenezo. Ngati tulo tikusowa masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, madokotala amaona kusowa tulo kotereku ngati matenda ofunika chithandizo. Musadikire miyezi itatuyo ngati chakudya sichikulowa, zimene munkakondwera nazo sizikukomanso, ndipo zakhala choncho kwa sabata ziwiri. Pitani kuchipatala chapafupi mukafunse woona za matenda a maganizo. Ganizo lofuna kudzipha likabwera, limenelo si lolemba papepala n'kudikira mawa: dzutsani munthu amene mumamukhulupirira usiku womwewo, akuperekezeni kuchipatala.