Ngozi, Chenjezo, Samalani: Kumasulira Masitika a pa Makina

Bwanji osangolemba CHENJEZO pa masitika onse?

Chifukwa sanena chinthu chimodzi. Malamulo a masitika ochenjeza, a ANSI Z535.4 ndi ISO 3864-2, amagawa zoopsa m'magulu atatu, lililonse ndi mtundu wake, poyang'ana zinthu ziwiri: munthu angavulale motani, ndipo mpata woti zichitikedi ndi waukulu bwanji. Sitika yofiira ndi ya pamene munthu adzafa kapena kuvulala kwambiri ngati sapewa. Ya mtundu wa lalanje imakambanso za imfa ndi kuvulala kwambiri, koma ikunena kuti zingathe kuchitika. Yachikasu ndi ya kuvulala pang'ono kapena kwapakatikati, monga kupsa chala. Mukazipatsa mutu umodzi, wogwira ntchito amene wakhudzapo chivundikiro chotentha n'kungopsa pang'ono adzayesa kuti bokosi la magetsi nalonso ndi choncho.

Ndiye tilembe mawu ati?

Ine ndimalemba NGOZI pa yofiira, CHENJEZO pa ya lalanje, SAMALANI pa yachikasu. Pewani CHENJERANI pa yachikasu. Mawuwa ndi abwino ndithu, koma tsinde lake ndi limodzi ndi la chenjezo, ndipo munthu wowerenga mothamanga, sitika itada ndi girisi, sangawasiyanitse. Mukasankha, musasinthenso, kaya pa makina kaya m'buku lake.

Palinso sitika ya buluu, ya zinthu zimene zingawononge makina popanda kuvulaza munthu. Imeneyo ndi CHIDZIWITSO, ndipo siikhala ndi chizindikiro chochenjeza cha ngodya zitatu chimene chimakhala pa masitika atatu enawo.

Mutu ndakonza. Uthenga wa m'munsiwo uli ndi vuto lanji?

Apa ndiye pamene ambiri amagwa, chifukwa kusiyana konse kwagona pa mneni. Titenge makina odindira zitsulo. Pa bokosi la magetsi pali yofiira: "Muli magetsi amphamvu. Mukawakhudza mufa kapena muvulala kwambiri. Zimitsani ndi kukhoma switchi ndi loko musanatsegule." Pa malamba pali ya lalanje: "Malamba oyenda. Angakukokeni mkono n'kuudula. Musayendetse makina chotchinga chitachotsedwa." Pa mota pali yachikasu: "Pamatentha. Mungapse. Dikirani pazizire."

Onani kuti "mufa" alibe *-nga-*. Womasulira amakopeka kulemba "mungafe" poti "mufa" akumveka ngati kutemberera munthu, koma akatero watsitsa yofiira kufika pa ya lalanje. Mawu ozungulira ngati "mungaone zakuda" ndiye ayi ndithu. Uthenga uliwonse utchule choopsacho, chimene chidzachitike ndi kapewedwe kake.

Nanga ndikaona kuti wopanga makina anakokomeza?

Gulu limachokera pa kafukufuku wa zoopsa amene wopangayo anachita. Mufunseni, koma musalisinthe nokha.

Ndidziwa bwanji kuti zamveka?

Sindikizani masitikawo opanda mitundu, muwasakanize, mupatse anthu oyendetsa makinawo mmodzimmodzi kuti awandandalike kuyambira yoopsa kwambiri. Akamasinthanitsa ziwiri, mawu anu akudalira mtundu, ndipo mtundu umasuluka ndi dzuwa, komanso pali anthu ena amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi lalanje.